Matope a M'damu la Nsomba Akanunkha Mazira Osukusa: Kuyeza ndi Kukonza Kwake

Alimi ambiri a nsomba ku Mulanje ndi ku Thyolo amagwa m'vuto limodzi damu likakwana zaka ziwiri kapena zitatu lisanaphwetsedwe. Munthu ukaponda pansi, mwendo umatitimira mpaka m'bondo, matope akuda bii amatumphuka, ndipo fungo la mazira osukusa limakuwomba kumaso. Mawa lake makumba ndi chilinguni zayamba kuyasamula pamwamba pa madzi, zina zayandama chagada. Ambiri amathamangira kuganiza kuti wina wathira mankhwala usiku, pomwe poizoniyo wapangidwa pansi pa damu lomwelo.

Fungoli ndi la mpweya wotchedwa haidirojeni salufaidi, umene pa mapepala oyezera madzi umalembedwa H₂S. Amaupanga ndi mabakiteriya okhala m'matope mopanda okosijeni, monga a mtundu wa Desalufovibiriyo. Iwowa amadya zotsalira za madeya, zitosi ndi masamba, ndipo m'malo mopuma okosijeni amagwiritsa ntchito salufeti, mtundu wa mchere wokhala ndi salufa umene umasungunuka m'madzi, n'kumusandutsa salufaidi. Simungawathetse, chifukwa amapezeka m'matope aliwonse. Chimene mungathe ndi kuwachepetsera chakudya, kubwezera mpweya pansi pa damu, ndi kupatsa mpata mabakiteriya ena amene amadya salufaidiyo.

## Zofunika kukhala nazo

- Paipi yapulasitiki ya masentimita 5 kukamwa kwake, yotalika mita imodzi ndi theka
- Ndodo yowongoka yolembedwa mizere pa masentimita 10 alionse
- Mabotolo awiri oonekera mkati, okhala ndi zivindikiro
- Viniga theka la kapu
- Waya wa kopa wa magetsi, masentimita 20, wosendedwa ndi kupalidwa mpaka kung'anima
- Timapepala toyezera pH, nambala imene imatsika asidi akachuluka
- Fosholo, khasu, wilibala kapena ndowa za malita 20
- Laimu waulimi (wa miyala yopera, osati wopaka nyumba)
- Sikelo, ndi munthu wachiwiri wokhala pamtunda nthawi zonse

## Gawo loyamba: kutsimikiza kuti vuto ndi salufaidi

1. Yezani kuya kwa matope ofewa muli pamtunda. Tsitsani ndodo pang'onopang'ono mpaka imve matope, muwerenge mzere umene uli pa madzi. Kenako ikanikizeni mpaka igunde dothi lolimba, muwerengenso. Kusiyana kwake ndiko kuya kwa matope. Chitani izi malo asanu: pomwe mumathira chakudya, pa khola la manyowa, kumbali yakuya kumene kuli paipi yotulutsira madzi, ndi mbali ziwiri zosaya. Matope a masentimita 5 mpaka 10 ndi abwino, ndiwo amadyetsa damu. Akapitirira 15, yambani kukonzekera zowachotsa.

*Chenjezo:* musalowe m'madzi kukayeza ndi miyendo. Kupondako ndi kumene kumamasula mpweya woipa nsomba zili momwemo.

2. Tulutsani matope ndi paipi osawasokoneza. Lowetsani paipi choimirira mpaka ilowe masentimita 20 m'matope, tsekani kumwamba kwake ndi chikhatho mwamphamvu, ndipo muizule mosagwedeza. Mukaitulutsira pamtunda tsanulani madzi apamwamba mosamala, kenako mukankhe matope ndi ndodo atuluke pa thabwa ngati soseji.

Apa ndiye pofunika kuyang'anitsitsa, chifukwa matopewa amanena zonse. Damu la thanzi limakhala ndi kachikopa kofiirira pamwamba pa matope, kochindikala mamilimita ochepa chabe, ndipo pansi pake pamakhala potuwa kapena pakuda. Kachikopako ndi kumene okosijeni amafika. M'menemo muli chitsulo cha m'dothi chokhala ngati dzimbiri, ndiponso mabakiteriya odya salufaidi, amene amamusandutsa salufa kenako salufeti asanakwere m'madzi. Ndi chivindikiro cha mphika. Chikakhalapo, ngakhale pansi pakhale pakuda, nsomba zimakhala bwino. Mukapeza kuti matope ndi akuda kuyambira pamwamba penipeni, chivindikiro chachoka, ndipo salufaidi akulowa m'madzi mwachindunji.

Nthawi zina m'mbali mosaya mumaoneka kansalu koyera ngati kangaude kapena mkaka wothiridwa pa matope akuda. Amenewo ndi mabakiteriya odya salufaidi, monga Begiyatowa, amene amasunga timibulu ta salufa m'thupi mwawo, n'chifukwa chake amayera. Eniakewo saopsa nsomba. Koma amangokhala pamalire pomwe salufaidi wakumana ndi okosijeni, choncho akaonekera pamwamba pa matope ndiye kuti malirewo akwera kufika pamene nsomba zimadyera.

3. Yesani ndi viniga. Si matope akuda onse amene ali ndi salufaidi. Dothi la kudambo limada chifukwa cha zomera zowola, ndipo lilibe vuto. Kuti musiyanitse, ikani masipuni awiri a matope akuda m'botolo, thiranimo viniga wokwanira kuwamiza, tsekani, gwedezani, ndipo mudikire mphindi zisanu. Tsegulani muli panja, botolo lili kutali ndi nkhope, ndipo mukupizire mpweya kumphuno ndi dzanja. Fungo la mazira osukusa likakula kuposa poyamba, kuda kwa matopewo ndi kwa salufaidi wogwirana ndi chitsulo (FeS). Asidi wa mu viniga wamasula mgwirizanowo:

```
FeS + 2H⁺ → Fe²⁺ + H₂S
```

4. Tsimikizani ndi waya wa kopa ndi dzuwa. M'botolo lachiwiri ikani matope mpaka theka, mulendewetse waya pamwamba pake osakhudza matopewo, mutseke mpaka mawa. Waya ukada, mpweyawo ndi salufaidi, pakuti mpweya wina wotumphuka m'matope, wotchedwa mitheni, sununkha ndipo sudetsa kopa. Matope otsala pa thabwa aja asiyeni poyera. Kuda kwa salufaidi kumasuluka pamwamba mpweya ukakhudza, matope n'kusanduka otuwa kapena ofiirira pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Dothi lakuda la kudambo limakhalabe lakuda.

5. Yezani pH ya madzi m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Sitepe iyi ambiri amaidumpha, koma kuno kwathu ndiyo imalongosola chifukwa chake damu lina limapha nsomba pomwe lina lonunkha chimodzimodzi silipha. Salufaidi m'madzi amakhala m'mitundu iwiri, ndipo woopsa kwambiri ndi H₂S, amene amadutsa mosavuta momwe nsomba imapumira n'kukatsekereza thupi kugwiritsa ntchito okosijeni. Pa pH 8, ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi limene limakhala H₂S. Pa pH 7 ndi pafupifupi theka. Pa pH 6 ndi magawo asanu ndi anayi mwa khumi. Dothi limene tiyi amakondwera nalo ndi la asidi, ndipo madzi otsika m'phiri la Mulanje amakhala ndi michere yochepa yoletsa asidi, choncho damu losathiridwa laimu limagwa pH mosavuta. Imagwa kwambiri m'bandakucha, nthawi yomweyo imene okosijeni amakhala wochepetsetsa. Ndipo nsomba sizifuna salufaidi wambiri kuti zivutike: mamiligalamu 0.01 mpaka 0.05 a H₂S pa lita akhoza kuzipha, makamaka mbewu ya nsomba. Madzi a pansi akangomveka fungo, dziwani kuti salufaidi wachuluka kale.

## Gawo lachiwiri: nsomba zikamayasamula lero

6. Lekani kudyetsa ndi kuthira manyowa. Masiku awiri kapena atatu opanda madeya sapha nsomba. Vuulani manyowa amene ali m'khola la pakona, mukawaunjike kutali.

7. Tulutsani madzi a pansi, lowetsani atsopano pamwamba. Madzi oipa ali pansi, choncho kusefukiritsa damu kumangotaya madzi abwino apamwamba. Gwiritsani ntchito paipi yokoka kuchokera pansi kumbali yakuya, kamwa yake ikhale chikhatho chimodzi pamwamba pa matope kuti isawayamwe. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi. Olowawo agwere pa mwala kapena thabwa kuti amwazike ndi kutenga mpweya, asakumbe pansi.

8. Wazani laimu waulimi pang'ono ngati pH ili pansi pa 6.5. Makilogalamu 2 pa masikweyamita 100, osakanizidwa ndi madzi m'ndowa, ndi okwanira poyambira. Sagwira ntchito tsiku lomwelo, ndipo sachotsa salufaidi, amangomuchepetsa ukali.

*Chenjezo:* laimu wopaka nyumba amakweza pH mwadzidzidzi ndipo amapha nsomba. Musakokenso khoka tsiku limeneli. Ngati mwaganiza zokolola, yambani mwasintha madzi, mukolole m'mawa dzuwa litakwera, ndipo nsomba zotuluka muzitsuke m'madzi oyera nthawi yomweyo.

Nyengo ziwiri zimafuna maso. Ya chiperoni, masiku a mitambo ndi mvula yowaza akatsatizana, ndere zobiriwira za m'madzi zimapanga okosijeni wochepa, ndipo madzi apamwamba akazizira amamira n'kukankhira a pansi kumwamba. Ina ndi mvula yoyamba yamphamvu pambuyo pa kutentha kwa Okutobala, pomwe mabakiteriya akhala akugwira ntchito mothamanga m'matope ofunda. Mukaona nyengo zimenezi zikubwera, chepetsani chakudya ndi theka.

## Gawo lachitatu: kukonza pansi pa damu

Ntchito yeniyeni ndi iyi, ndipo nthawi yake ndi chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Tiyerekeze damu la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, masikweyamita 200. Ndodo yaonetsa matope a masentimita 25 kutheka lakuya ndi 8 kutheka losaya, paipi yatulutsa akuda mpaka pamwamba, ndipo pH ya m'mamawa ndi 6.

9. Kololani ndi kuphwetsa damu pang'onopang'ono. Madzi apamwamba akhoza kupita m'ngalande. Omalizira, akuda aja, alondolereni m'munda wa nthochi kapena pa udzu kuti alowe m'nthaka. Musawatsanulire mumtsinje kapena m'damu la mnzanu wakumunsi, chifukwa amadya okosijeni yense wa madzi amene akumana nawo.

10. Dikirani masiku atatu kapena anayi, kenako chotsani matope owonjeza. Matope akalimbako amanyamulika ndi fosholo ndipo sanunkha kwambiri ngati tsiku loyamba. M'damu lathu lija, kutheka lakuya muchotse masentimita 15 ndi kusiya 10. Masikweyamita 100 kuchulukitsa ndi mamita 0.15 ndi malita 15,000 a matope, amene ndi mawilibala 250 a malita 60, kapena ndowa 750. Si ntchito ya munthu mmodzi, ndipo ndi bwino kuiwerengera musanaphwetse damu. Theka losaya lisiyeni.

*Chenjezo:* musapale mpaka kuboola dothi lamakande limene limasunga madzi. Matope ochotsedwawo musawaunjike pa khoma la damu, mvula idzawabweza. Ayaleni mopyapyala kumunda kwa masabata atatu kapena anayi mpaka afiire ndi kuleka kununkha, ndiye muthire ku nthochi kapena kudimba. Aawisi amawotcha mizu.

11. Umitsani pansi kwa masabata awiri kapena atatu, mpaka pang'ambike. Ming'alu ikalowa chala, tipulani ndi khasu masentimita 10 kuti mbali yakuda ione mpweya. Phwanyani chibuma: mkati mukadali mwakuda, nthawi sinakwane. Apa mukugwiritsa ntchito theka lina la kayendedwe ka salufa. Mpweya ukalowa, mabakiteriya odya salufaidi, monga Thiyobasilasi, amamusandutsa salufeti, ndipo chitsulo chimabwerera kukhala dzimbiri lofiira, lokonzeka kugwiranso salufaidi mtsogolo. Kuuma kopitirira, dothi kufika pa fumbi, sikuthandiza, chifukwa mabakiteriya owoletsa zinyalala amafuna chinyezi pang'ono. Pomwe pali kasupe wosauma, kumbani kangalande kozungulira kuti madzi aziyenda osadikha.

12. Tsukani pansi kamodzi. Kusandulika kwa salufaidi kukhala salufeti kumatulutsa asidi, ndipo salufetiyo akatsala m'damu adzakhala chakudya cha mabakiteriya oyamba aja mukangodzaza madzi. Lowetsani madzi masentimita 10 mpaka 15, agone usiku umodzi kapena uwiri, muwatulutse.

13. Yezani pH ya dothi, ndiye muthire laimu. Yezani mutaumitsa, chifukwa matope onyowa amaonetsa pH yokwera kuposa imene idzakhalepo akauma. Tengani dothi malo asanu, liumitseni, lipereni, sakanizani kapu imodzi ya dothi ndi kapu imodzi ya madzi a mvula oyera, dikirani theka la ola, muviike kapepala m'madzi odikha pamwamba. Pa pH 6 mpaka 6.5 thirani magalamu 150 pa sikweyamita. Pa 5.5 mpaka 6 thirani 200. Pansi pa 5.5 thirani 250 mpaka 300. Damu lathu likaonetsa 5.7, ndiye magalamu 200 kuchulukitsa ndi 200, makilogalamu 40. Wazani pa dothi la chinyezi, mowirikiza kumbali yakuya, musakanize ndi khasu, ndipo mudikire sabata imodzi musanadzaze.

Pomwe panali pakuda kwambiri mukhoza kuyalapo katondo wofiira sentimita imodzi kapena awiri n'kutsendera. Kufiira kwa katondo ndi chitsulo, ndipo chitsulocho chimamanga salufaidi asanafike m'madzi. Dothi limeneli lili paliponse m'mapiri a Thyolo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti madamu ambiri amavutika ali pakati pake.

## Gawo lachinayi: kuti fungo lisabwerere

14. Dyetsani ndi sikelo. M'damu la masikweyamita 200 lokhala ndi nsomba zitatu pa sikweyamita muli nsomba 600. Zikafika magalamu 60 iliyonse, zonse pamodzi ndi makilogalamu 36, ndipo magawo atatu pa 100 a kulemera kumeneku ndi kilogalamu imodzi ndi magalamu 80 patsiku, ogawidwa kawiri. Amene amathira beseni lonse la madeya m'mawa uliwonse akudyetsa mabakiteriya a pansi. Ikani thireyi kapena lichero lakale pansi pa malo odyetsera, mulizule pakatha ola limodzi. Chakudya chikatsalapo, chepetsani. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nsomba zimadya pang'ono, choncho muyeso utsike.

15. Thirani manyowa poyang'ana madzi. Zitosi za nkhuku zouma makilogalamu 5 pa masikweyamita 100 pa sabata ndi poyambira pabwino. Lowetsani mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chikamaoneka bwinobwino, onjezani, chikasowa musanafike m'chigongono, lekani sabata imeneyo.

16. Musabweretse salufeti ndi manja anu. Madzi a m'mitsinje yathu ali ndi salufeti wochepa poyerekeza ndi a m'nyanja yamchere, amene amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 2,700 pa lita. Kuchepaku ndi chitetezo chanu, chifukwa mabakiteriya aja akasowa salufeti amafooka. Fetereza wa salufeti ya amoniya ali ndi salufa magawo 24 pa 100, ndipo amawonjezeranso asidi. Musamuthire m'damu la matope akuda, ndipo kumbani ngalande kumtunda kuti madzi ochokera m'munda wothiridwa fetereza asamalowemo. Salufa wina amabwera ndi zitosi ndi chakudya chowola, n'chifukwa chake sikelo ya pa sitepe 14 imagwira ntchito ziwiri.

17. Bwerezani kuyeza kwa paipi mwezi uliwonse pa malo odyetsera. Kachikopa kofiirira kakayamba kupyapyala, sunthani malo odyetsera ndi kuchepetsa manyowa.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuvundula matope ndi cholinga choti mpweya woipa utuluke. Umatulukadi, koma umadutsa m'madzi momwe muli nsomba, ndipo matope ovundukawo amamaliza okosijeni m'mphindi zochepa. Kutipula ndi kwa damu louma.

Kuthira jipisamu poganiza kuti ndi laimu. Zonse ndi ufa woyera, koma jipisamu ndi salufeti weniweni ndipo sakweza pH. Donthezani viniga pa ufawo: laimu waulimi woperedwa bwino amachita thovu, jipisamu amangonyowa.

Kudzaza damu pamwamba pakangouma. Chikhakha chotuwa cha sentimita imodzi chimabisa matope akuda, ndipo fungo limabwerera m'miyezi yochepa.

Kusiya nthochi ndi mitengo kuyoyolera masamba m'madzi. Masamba amaunjikana kumbali yakuya, ndipo mthunzi wake umachepetsa okosijeni wa masana.

Kukhulupirira mphuno. Mphuno imamva mpweyawu ukadali wochepa kwambiri, koma ukachuluka kufika magawo 100 mpaka 150 pa miliyoni imafa dzanzi, fungo n'kuoneka ngati latha. Ukapitirira magawo 500 mpaka 700, munthu amakomoka m'mphindi zochepa kapena nthawi yomweyo. Pa damu la poyera mphepo imaumwaza, koma H₂S ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero amadikha m'dzenje lakuya lokololera, m'chitsime chakale, m'thanki ndi m'dzenje la ndowe. Fungo likasowa mwadzidzidzi muli pansi, kapena maso akayamba kuyabwa ndi mutu kuzungulira, tulukani mukwere kumene mphepo ikuchokera. Wina akakomoka m'dzenje, musatsike kukamutenga: mukokeni ndi chingwe chimene anamangidwa nacho asanalowe, mumugoneke poyera chammbali, ndipo muthamangire naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.